Musawauze amisiri kuti "gasi watha"

"Filiji yanga yasiya kuzizira, gasi watha, bwerani." Uthenga wotere okonza mafiliji amaulandira tsiku ndi tsiku, ndipo ndi womwe umawayendetsa mitunda yachabe. Mmisiri amanyamuka ku Ndirande atasenza silinda ya gasi, pampu ndi chowotcherera mapaipi, kukwera minibasi mpaka ku Lunzu, n'kukapeza kuti gasi ali bwinobwino. Chafa ndi kachipangizo kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, koma iye wakasiya ku shopu. Ulendo wachiwiri mulipira ndinu, kwinaku nyama ikununkha ndipo mafilizesi a geni asanduka madzi.

Gasi wa m'filiji sali ngati makala amene amatha chifukwa chophikira. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka zaka ndi zaka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Zinthu zina zambiri zimaletsa filiji kuzizira gasi ali wodzaza. Choncho ntchito yanu si kutchula matenda. Nenani zimene maso aona ndi zimene makutu amva, kuyeza muwasiyire eni ntchito.

Musanalembe chilichonse, funani kachizindikiro ka fakitale. Kawirikawiri kamamatidwa m'kati, pakhoma la pafupi ndi kabokosi ka ndiwo zamasamba, kapena kumbuyo. Pamenepo pali dzina la kampani, nambala ya mtundu wa filijiyo, mtundu wa gasi ndi kulemera kwake m'magalamu. Kungoti "ndi Defy" kapena "ndi Hisense" sikukwanira, chifukwa kampani imodzi imapanga mitundu yambirimbiri ndipo zipangizo zake sizilowana. Gasi nayenso ngwosiyana. Mafiliji ambiri a masiku ano ali ndi R600a, akalepo ali ndi R134a, ndipo awiriwa sasakanizidwa. Osavutika kukopera manambala, mungaphonye chilembo. Jambulani ndi foni, muonetsetse kuti zikuwerengeka. Kenako kokani filijiyo mujambulenso pepala lomatidwa pa kompuresa, chimphika chakuda chija chili kumunsi kumbuyo. Ngati pachitseko palembedwa kuti Inverter, nenani, chifukwa kompuresa ya filiji yotere imayendetsedwa ndi bodi ya magetsi, osati tizipangizo tolizira ta masiku onse.

Tsopano titenge vuto limene limabwera kawirikawiri magetsi akathima n'kuyakanso. Nyali ya m'kati ikuyaka, koma filiji sikuzizira pena paliponse. Khalani chete pafupi ndi kompuresa kwa mphindi khumi. Mumva ikung'ung'udza kwa timasekondi towerengeka, kenako "tha!", n'kukhala zii. Pakapita mphindi zingapo, zomwezo. Apa kompuresa ikuyesa kulira koma ikulephera. Kachipangizo kamene kamaikankha poyamba, kotchedwa rileyi, kakapsa, motayo imakoka magetsi ambiri n'kutentha, ndiye kachitetezo kake, ovalodi, kamaidula. Kulira kwa "tha" kuja n'kwa ovalodiyo. Uthenga wabwino ungakhale wotere:

"Mwaswera bwanji amisiri? Ndili ndi filiji ya zitseko ziwiri, filiza ili pamwamba, yatha zaka zisanu. Zithunzi za manambala ndatumiza. Magetsi anathima Lachiwiri madzulo, atayaka usiku filiji sinazizirenso, pamwamba ndi pansi pomwe. Nyali ikuyaka. Kompuresa ikung'ung'udza pang'ono n'kulira kuti tha, ikubwereza pakapita mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo ikuotcha kuigwira. Mawu ake ndajambula, mumve. Ndayesa soketi ina, palibe chasintha. Sinakonzedwepo, sitinaisunthe, ndipo palibe anagobamo ayisi ndi mpeni. Pano ndaizula kumagetsi. Muyerekeze mtengo musananyamuke."

Mmisiri wodziwa ntchito akawerenga zimenezi atenga rileyi ndi ovalodi zogwirizana ndi kompuresa ya pachithunzi, mwinanso kapasita ngati mtunduwo uli nayo, ndi mita yoyezera. Silinda aisiya. Mawu oti "ndayesa soketi ina" amuchotsera chikaiko chimodzi, ndipo oti "palibe anagobamo" amuchotsera china. Komabe uthenga uli ndi malire ake. Kulira komweku kumamvekanso magetsi akamabwera ofooka, kapena kompuresa yeniyeniyo ikagwira m'kati, ndipo zimenezo zimadziwika pokhapokha ayeze. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsiratu mitengo iwiri, wa rileyi ndi wa kompuresa, pakuti kusiyana kwake n'kwakukulu moti pa filiji yokalamba munthu amayamba waganiza kaye. Kuizula kumagetsi kuja n'kofunikanso. Kompuresa yosiyidwa ikulimbana usiku wonse imatha kupseratu, vuto laling'ono n'kukula.

Bwanji ngati filiza ikuumitsa bwinobwino koma kumunsi kukufunda? Apa funso loyamba la amisiri likhala lakuti filijiyo ndi yochita ayisi m'makoma kapena ndi ija yolembedwa No Frost. Ya No Frost imapanga kuzizira malo amodzi, kuseri kwa khoma la m'filiza, ndipo fani ndiyo imakankhira mphepo yozizirayo kumunsi. Tsegulani filiza, dinani kabatani ka pachitseko ngati kalipo, mumvetsere ngati fani ikuzungulira. Onaninso ngati khoma lakumbuyo lachita ayisi. Pali chizindikiro china chimene anthu amachiona koma osachinena: filiji ikazimitsidwa tsiku lathunthu imayambanso kuzizira bwino, patapita masiku angapo vuto n'kubwerera. Zimenezi zimaloza ku zipangizo zosungunula ayisi, monga hita, taima kapena sensa yake. Mukalemba chiganizo chimodzi chimenecho, mmisiri adziwa chonyamula.

Nanga gasi amatayikadi liti? Kompuresa imalira osapuma, koma mapaipi akuda akumbuyo, kapena makoma a m'mbali pa mafiliji obisa mapaipi, sakufunda monga kale. Ayisi amangogwira pakona imodzi. Nthawi zambiri kuzizira kumachepa pang'onopang'ono kwa masabata, ndipo pena pamaoneka mafuta polumikizira mapaipi. Mukaona izi lembani momwemo, ndipo muyembekezere kuti mmisiri afune pobooka, awotcherere, asinthe fyuluta, apope mpweya wonse kenako athire gasi. Wongothira gasi osatseka pobooka akukugulitsani ulendo wina.

Pali nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi. Wina m'nyumba amagoba ayisi ndi mpeni, n'kumva "fyuu". Nenani poyera, ndipo zulani pulagi nthawi yomweyo. Kompuresa ikapitiriza kulira imayamwa madzi kudzera pabowolo, ndipo ntchito imakula. R600a amayakanso moto, choncho tsegulani mawindo, mbaula ndi kandulo zikhale kutali.

Zing'onozing'ono sizifuna mawu ambiri. Madzi odikha pansi pa kabokosi ka masamba nthawi zambiri ndi kabowo kotulutsira madzi katsekeka. Labala wa pachitseko muyeseni popanikiza pepala: likasololoka mosavuta, tumizani muyeso wa chitsekocho m'litali ndi m'lifupi. Filiji yokhala ndi kasikirini ikaonetsa zilembo ndi manambala achilendo, jambulani musanaizimitse. Ikamagwira shoko kapena kununkha waya wopsa, izuleni, musayesenso kalikonse, ndipo zimenezo zikhale mawu oyamba mu uthenga wanu.

Zivundikiro za mawaya musatsegule, kuona ndi kumvetsera kwakwana. Ndipo ngati mmisiri wina anaigwirapo kale, nenani zimene anasintha ndi mwezi wake, ngakhale munasiyana naye mokangana.