Mayankho anayi, olakwika atatu: masamu a mlingo wa mankhwala

Papepala la mayeso a unamwino kapena a zosunga ndi kupereka mankhwala sipalephera kupezeka funso lonena za mlingo. Funsolo limakuuza za wodwala, mankhwala amene dokotala walemba ndi mphamvu ya mankhwala amene ali m'kabati, kenako limakupatsa mayankho anayi kuti usankhepo limodzi. Masamu ake ndi a ku pulayimale, kuchulukitsa ndi kugawa basi. Komabe ophunzira ambiri anzeru zawo amagwa pamenepa, ndipo amatuluka m'chipinda cha mayeso ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akhoza.

Chimene chimawagwetsa n'chakuti mayankho atatu olakwika aja sabwera mwangozi. Wolemba mayeso waluso amakhala pansi n'kuganiza malo onse amene munthu angaterereke, amawerengera yekha molakwika mwadala, ndipo zimene wapezazo ndi zimene amaziika pambali pa yankho loona. Choncho ukalakwitsa, nambala yako umaipeza ili pomwepo papepala ikukudikira. Mtima umakhala pansi, umachonga, n'kupita ku funso lina. Kupezeka kwa yankho lako pamndandandawo si umboni wakuti wakhoza.

Titenge funso la mtundu umene mzamba aliyense amakumana nawo. Khanda la masiku atatu, lolemera magalamu 3,200, laganiziridwa kuti lili ndi matenda m'magazi. Dokotala walemba jentamaisini, mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kamodzi patsiku. Kabotolo kamene kalipo kalembedwa kuti 80 mg/2 mL, kutanthauza kuti m'mamililita 2 a madziwo muli mamiligalamu 80 a mankhwala. Kodi namwino akoke mamililita angati m'sirinji? Mayankho ake ndi 0.2 mL, 0.4 mL, 1.6 mL ndi 4 mL.

Munthu asanachulukitse chilichonse ayenera kuona kuti funsoli likuyankhula ziyankhulo ziwiri. Sikelo yapereka magalamu, koma dokotala walemba potengera makilogalamu. Kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000, ndiye magalamu 3,200 ndi makilogalamu 3.2. Zimenezi zilembedwe kaye pazokha, pamzere wawo, dzina la muyeso lili pambali pa nambala. Tikatero tichulukitse 3.2 ndi 5, ndipo tipeza kuti mwanayu akufunika mamiligalamu 16.

Tsopano funso lasintha. Sirinji siyeza mamiligalamu, imayeza madzi. Anamwino amaloweza lamulo lakuti utenge mlingo umene ukufuna, ugawe ndi mlingo umene uli nawo, kenako uchulukitse ndi kuchuluka kwa madzi amene mlingowo ulimo. Apa ndiye kuti 16 tigawe ndi 80, zimene zikutipatsa 0.2, kenako tichulukitse ndi 2. Yankho ndi 0.4 mL. Ine ndimakonda njira ina yofikira pomwepo, chifukwa munthu amaona chimene akuchita: ngati m'mamililita 2 muli mamiligalamu 80, ndiye kuti m'mililita imodzi muli 40, ndipo 16 kugawa ndi 40 ndi 0.4. Kuwerengera m'njira zonse ziwiri n'kupeza nambala imodzimodzi kumathandiza kwambiri kuposa kubwereza njira imodzi kawiri, poti amene wabwereza njira yake amabwerezanso cholakwa chake.

Taonani tsono kumene mayankho enawo achokera. Yankho la 0.2 mL ndi la munthu amene anagawa 16 ndi 80 n'kuimira pomwepo, kuiwala kuti mamiligalamu 80 aja ali m'mamililita awiri. Mwana wake alandira theka la mankhwala, ndipo tizilombo tipitiriza ntchito yathu. Yankho la 4 mL ndi la amene anasuntha kadontho malo awiri m'malo mwa atatu, n'kupeza kuti khandalo likulemera makilogalamu 32. Masamu ake onse otsatira ndi olondola, koma wabaya khanda mamiligalamu 160, kuwirikiza kakhumi mlingo woyenera, ndipo jentamaisini akachuluka amawononga impso komanso amagonthetsa m'kutu. Yankho la 1.6 mL ndi lochenjera kuposa onsewa. Jentamaisini amabweranso m'kabotolo ka ana kokhala ndi mamiligalamu 20 m'mamililita 2, ndipo amene anazolowera kameneko kuwodi amapeza 1.6 mosavuta. Yankholo likanakhala loona funso likanatchula kabotolo ako. Iye wayankha za m'mutu mwake, osati zimene zalembedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene kalikuleta singachite, ndicho kudabwa. Mamililita 4 ndi timabotolo tiwiri tathunthu. Namwino amene anagwirapo khanda la masiku atatu akadziona akuthyola kabotolo kachiwiri, dzanja liyenera kuima lokha. N'chimodzimodzinso ndi makilogalamu 32, kumene ndi kulemera kwa mwana wa sukulu. Nambala iliyonse imene yatuluka, ifunsidwe ngati ikufanana ndi munthu amene funso likumunena.

Pakati pa galamu ndi kilogalamu munthu amathandizidwa ndi maso, chifukwa shuga ndi mchere timagula m'miyeso yomweyo. Vuto lalikulu lili kumunsi, kumene maso safika. Galamu imodzi ndi mamiligalamu 1,000, ndipo miligalamu imodzi ndi mamaikulogalamu 1,000. Palibe amene anaonapo maikulogalamu, choncho ukalakwitsa palibe chokudzidzimutsa.

Digokisini, mankhwala a mtima, ndi amene olemba mayeso amakonda pankhani imeneyi, ndipo ali ndi chifukwa: mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza zili pafupi kwambiri. Funso likhoza kunena kuti dokotala walemba 0.125 mg, pamene mapiritsi amene alipo ndi a mamaikulogalamu 250 lililonse. Nambala ziwirizi sizingagawidwe zili choncho. Tichulukitse 0.125 ndi 1,000, kadontho kayende malo atatu kupita kumanja, tipeze mamaikulogalamu 125. Ndiye 125 kugawa ndi 250 ndi theka la piritsi. Pamndandanda mudzapezapo mapiritsi 2, yankho la munthu amene anasintha bwinobwino miyeso koma n'kutembenuza magawidwe, kuika 250 pamwamba. Mudzapezaponso mapiritsi 5, a munthu amene anawonjezera ziro n'kupeza 1,250. Kugwira cholakwa choyambacho n'kosavuta ngati ufunsa usanagawe: kodi chimene ndikufuna n'chachikulu kapena n'chaching'ono poyerekeza ndi piritsi limodzi? Popeza 125 ndi wochepa kuposa 250, yankho silingafike piritsi lathunthu. Mayankho awiri agwa kale usanakhudze kalikuleta.

Ndi bwino kusintha muyeso waukulu kuti ukhale waung'ono, monga tachitira apa, osati kutembenuza 250 kukhala 0.25 mg. Zonse n'zoona, koma manambala athunthu savuta kuwayang'anira. Kadontho ndi kanthu kakang'ono, kamafufutika papepala lonyowa ndipo kamasowa pamene munthu walemba mothamanga. N'chifukwa chake anamwino ndi madokotala amaphunzitsidwa kulemba 0.5 osati .5, imene ingawerengedwe ngati 5, komanso kulemba 5 osati 5.0, imene ingaoneke ngati 50. Amalangizidwanso kulemba mawu akuti maikulogalamu onse, chifukwa chizindikiro chake cha µg chikalembedwa pamanja chimafanana ndi mg, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi kuwirikiza ka 1,000.

Mtundu wina wa funso umabisa muyeso m'peresenti, ndipo kwa azamba a kuno kwathu si nkhani ya m'buku chabe. Mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri mpaka kuyamba kukomoka ndi kuphupha amapatsidwa maginiziyamu salufeti. Mlingo woyamba wa mumtsempha ndi magalamu 4. Koma kabotolo kalembedwa kuti 50%. Peresenti pa mankhwala amadzi ngati awa imatanthauza magalamu amene ali m'mamililita 100. Choncho 50% ndi magalamu 50 m'mamililita 100, kapena kuti theka la galamu m'mililita iliyonse. Kuti tipeze magalamu 4 tikufunika mamililita 8. Amene sanamasulire peresentiyo amangogawa 4 ndi 50 n'kupeza 0.08, nambala yopanda tanthauzo, koma imene wolemba mayeso amaiikapo ndithu.

Msampha weniweni pafunsoli ndi yankho la 20 mL, chifukwa wophunzira anaimvapo nambalayi m'kalasi ndipo siyabodza. Mankhwala a 50% ndi amphamvu kwambiri kuti alowe mumtsempha ali choncho, ndiye mamililita 8 aja amawasungunula ndi mamililita 12 a madzi a jakisoni. Zonse pamodzi zimakwana mamililita 20, ndipo magalamu 4 m'mamililita 20 ndiye 20%. Ndiye kuti 20 mL ndi yankho la funso lakuti m'sirinji mudzakhala madzi ochuluka bwanji pomaliza, osati lakuti tikoke ochuluka bwanji m'kabotolo. Wokoka mamililita 20 kuchokera m'timabotolo ta 50% wakoka magalamu 10. Mzere womaliza wa funso, umene umanena chimene akufunsa, ndi wofunika kuuwerenga kawiri, ndipo ine ndingati uwerengedwe poyamba penipeni, nkhani ya wodwalayo isanakudzaze m'mutu.

Ena amadandaula kuti mafunso otere ndi okola anthu dala, kuti kuwodi palibe amene amakupatsa mayankho anayi. N'zoona kuti palibe. Koma kuwodi kuli timabotolo ta mphamvu ziwiri m'kabati imodzi, kuli sikelo ya makanda yowerenga magalamu pamene buku la malangizo likunena makilogalamu, ndipo kuli usiku umene namwino mmodzi akuyang'anira odwala ambiri. Funso loipa ndi limene mayankho ake olakwika angotoledwa, oti sangapezedwe ndi cholakwa chilichonse chodziwika. Funso labwino limaonetsa mphunzitsi pamene wophunzira anaterereka pongoona chimene wachonga. Wophunzira naye angaligwiritse ntchito motero pokonzekera mayeso: akapeza yankho loona, abwerere kwa atatu otsalawo n'kufufuza mmene lililonse linapangidwira. Ndipo tsiku la mayeso aphimbe mayankhowo ndi dzanja mpaka atamaliza kuwerengera, kuti nambala yooneka ngati yodziwika isamukope.

Maginiziyamu akachuluka m'thupi, zizindikiro zake zimadziwika. Bondo limasiya kudumpha akaligogoda, kenako kupuma kumayamba kuchepa, n'chifukwa chake mzamba amayang'ana bondo, kapumidwe ndi kuchuluka kwa mkodzo asanapereke mlingo wotsatira. Mankhwala othetsa vutolo ndi kashiamu gulukoneti, galamu imodzi mumtsempha pang'onopang'ono. Kabotolo kake kamalembedwa kuti 10%, kutanthauza magalamu 10 m'mamililita 100, kapena mamiligalamu 100 m'mililita imodzi. Galamu imodzi ndi mamiligalamu 1,000, choncho mzamba akoka mamililita 10.