Masilaidi atatu patsamba: kusunga mapepala, zilembo n'kumawerengekabe

Makolo, akomiti ya mzikiti ndi ophunzira, nthawi zambiri mphunzitsi akatha kuphunzitsa ndi pulojekita, ana amapempha kuti masilaidi awapulintire papepala kuti akawerenge kunyumba. Pempholi ndi labwino, makamaka kwa amene akukonzekera mayeso a MSCE, koma limadya mapepala ngati sitisamala. Komanso tikapanikiza masilaidi ambiri patsamba limodzi, mwana amalandira pepala loti sangathe kuliwerenga.

Tiyeni tiwerengetsere. Tiyerekeze kuti phunziro la Fomu 3 lili ndi masilaidi 18 ndipo m'kalasimo muli ana 60. Silaidi iliyonse ikakhala papepala lakelake, tifunika mapepala 1,080, omwe ndi oposa malimu awiri, popeza limu imodzi imakhala ndi mapepala 500. Koma tikaika masilaidi atatu patsamba, mwana aliyense afunika masamba 6. Tikapulinta mbali zonse ziwiri, masambawo akwana pa mapepala atatu, ndipo kalasi yonse idya mapepala 180 okha.

Mu PowerPoint njira yake ndi iyi. Dinani File kenako Print. Pamene palembedwa Full Page Slides, sankhani 3 Slides pansi pa Handouts. Masilaidi atatu amandandalikana kumanzere, ndipo kumanja kwa iliyonse kumabwera mizere yolembapo manotsi. Mwa masankho onse, ndi lokhali limene limabwera ndi mizere. Mukasankha 6 Slides, masilaidi amakhala aakulu pafupifupi chimodzimodzi, koma malo a mizere aja amatengedwa ndi masilaidi ena atatu. Choncho pepala loti mwana azilembapo mphunzitsi akamafotokoza likhale la atatu, pomwe lobwerezera zimene anaphunzira kale likhoza kukhala la 6.

Vuto lagona pa kuchepa kwa zilembo. Silaidi yotambalala ya masiku ano ndi yaikulu pafupifupi masentimita 34 m'litali mwake, koma ikakhala pa tsamba la A4 la masilaidi atatu imatsala pafupifupi masentimita 8. Ndiye kuti chilichonse chachepa kanayi. Zilembo za saizi 32 zimatuluka ngati za saizi 8, zomwe zimawerengeka. Za saizi 24 zimafika pa 6, ndipo apa ena amayamba kutsinzinira. Za saizi 16 zimasanduka 4, ngati nyerere. Motero musanapulinte, gawani saizi ya zilembo zanu ndi 4, ndipo yankho likatsika pa 6, likonzeni.

Ife ophunzitsa ndi zilembo za Chiarabu tiyenera kusamala koposa. Zilembo za ba, ta ndi tha zimaoneka mofanana, zimasiyana ndi madontho okha, ndipo fat-ha ndi kasra ndi timizere ting'onoting'ono pamwamba kapena pansi pa chilembo. Pepala likadutsanso pa makina a fotokope, madontho awiri amatha kugwirana n'kuoneka ngati limodzi, mwana n'kuloweza mawu olakwika. Silaidi yotere, ngakhalenso ya mapu kapena ya tebulo la manambala, ipatseni malo. Lembani manambala a masilaidi amenewo m'bokosi la Slides, mwachitsanzo 7,12, ndipo muwapulinte paokha ndi 2 Slides. Pepala limodzi lowonjezera kwa mwana aliyense likweza chiwerengero chija kufika pa 240, chomwe sichinafikebe theka la limu.

Silaidi yakuda kumbuyo imaoneka bwino pakhoma, koma papepala imamaliza inki ndi kumiza zilembo. Pamene palembedwa Color sankhani Grayscale, ndipo muyang'ane chithunzi chakumanja kuti muone ngati mawu onse akuoneka. Populinta mbali ziwiri sankhani Flip pages on long edge, apo ayi tsamba lakumbuyo lituluka chadodolido. Kuno ku Mzuzu nyengo ya mvula mapepala amakoka chinyezi ndipo amakodwa m'makina, makamaka akamabwerera kachiwiri, ndiye limu yotsegula muziisunga m'chikutiro chake, osati pansi pasimenti.

Ngati mukukapulintitsa m'tauni, musatenge fayilo ya PowerPoint, chifukwa kompyuta ina imatha kusintha zilembo za Chiarabu ngati ilibe mtundu umene munagwiritsa ntchito. Sungani ngati PDF mudakali kuno ku Geisha: pa Save As sankhani PDF, dinani Options, ndipo pa Publish what musankhe Handouts ndi masilaidi atatu patsamba.

Pomaliza, tulutsani kope limodzi kaye, mulijambule pa fotokope, ndipo mupatse mwana kope lachiwirilo kuti awerenge mokweza mzere waung'ono kwambiri. Akadodoma kapena kuyandikitsa pepala kumaso, konzani silaidiyo musanatulutse makope 60.