Kalasi ya Sabata ndi Sabata Ikagundana ndi Tsiku la Tchuthi

Mphunzitsi wa zosoka amene amakumana ndi ophunzira Lachinayi lililonse safunika kulemba kalasiyo kambirimbiri m'kalendala ya pa foni. Mu Google Calendar amailemba kamodzi, n'kusankha kuti izibwereza sabata iliyonse. Ndi bwino kuikiratu tsiku lomaliza, apo ayi kalasiyo izionekerabe ngakhale maphunziro atatha.

Vuto limabwera pa tchuthi. Mu 2026, tsiku la Kamuzu, pa 14 Meyi, likugwa Lachinayi. Kalendala siidziwa yokha kuti holo idzakhala yotseka, choncho mphunzitsi atsegule kalasi ya tsiku limenelo n'kuifufuta. Foni idzafunsa ngati akufufuta tsiku lokhalo, tsikulo ndi onse otsatira, kapena masiku onse. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Akasankha chachiwiri, makalasi onse kuyambira pa 14 Meyi amazimiririka, ndipo ophunzira amene anaitanidwa amaganiza kuti maphunziro atha. Yankho loyenera ndi `This event`.

Ine ndimakonda kusuntha kalasiyo kupita Lachisanu m'malo moifufuta, chifukwa ophunzira analipira kale. Akamaliza, mphunzitsi ayang'ane pa 21 Meyi. Ngati kalasi ilipo, wasankha bwino.