Bokosi la mtembo ndi diso la kamera

Anyamata awiri ophunzira apha mnzawo pomunyonga ndi chingwe, n'kuika mtembo m'bokosi lalikulu la pabalaza. Kenako ayala nsalu pabokosipo, ayikapo zakudya, ndipo alendo ayamba kufika, mmodzi mwa iwo ali bambo ake a malemuyo. Imeneyi ndiyo nkhani ya Rope, sewero limene Patrick Hamilton analemba mu 1929, ndipo Alfred Hitchcock analisandutsa filimu mu 1948.

Pasiteji, sewero limeneli limadzigwirira lokha ntchito. Bokosi lili pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kaya ochita sewero akuseka, kaya akukangana, diso la woonera limabwererabe pabokosi, ndipo wina akangoliyandikira mtima umakhala m'mwamba. Kamera ikabwera, ufulu umenewu umatha. Woonera amaona chokhacho chimene wapatsidwa, ndiye bokosi likasowa pazenera kwa mphindi zisanu, mantha nawo amazilala. Pali vuto linanso: kudula filimu kumapumitsa munthu. Chithunzi chikasintha timadziwa kuti nthawi ikhoza kulumphidwa, pomwe m'holo ya zisudzo mphindi iliyonse timaipirira limodzi ndi akupha aja.

Ambiri otembenuza masewero amaopa kuti chipinda chimodzi chitopetsa anthu, choncho amatulutsira nkhani panja, kuwonjezera msewu, galimoto, malo omwera. Hitchcock anakana. Nkhani anaisamutsa kuchoka ku London kupita ku New York, koma kupatula chithunzi cha msewu chotsegulira, mphindi pafupifupi 80 za filimuyi zonse zimathera m'nyumba imodzi. Anafunanso kuti izioneka ngati yojambulidwa mosadukiza. Kamera ya nthawiyo inkatenga filimu yotha m'mphindi pafupifupi 10, motero anajambula zidutswa zitalizitali, ndipo ena mwa malumikizidwe ake anawabisa poyandikitsa kamera pamsana pa jekete la munthu mpaka zenera litada. Makoma anali pa mawilo. Kamera ikamadutsa, antchito ankakankha khoma ndi mipando mwakachetechete, n'kuzibwezera isanatembenuke. Munthu mmodzi akalakwitsa mawu chakumapeto, onse ankayambiranso chidutswa chonsecho.

Koma ine ndimaona kuti mphamvu ya filimuyi ili pamalo amodzi pomwe kamera imangoima nji. Phwando likutha, ndipo alendo akufunsana kuti David, mnyamata uja, wasowera kuti. Wojambula wamba akanaonetsa nkhope za olankhulawo. Hitchcock anawasiya kunja kwa chithunzi, timangomva mawu awo. Chimene tikuona ndi Mayi Wilson, wantchito wa m'nyumbamo, akuchotsa mbale pabokosi. Apita kukhitchini, abwera. Achotsa makandulo ndi nsalu. Abwera ndi mabuku amene malo ake ndi m'bokosi momwemo. Sakufulumira, sakudziwa kanthu. Ulendo uliwonse pabokosi pakutsala zinthu zochepa, ndipo woonera akuwerengera yekha kuti kwatsala maulendo angati. Mayiwo atangoyamba kutukula chivindikiro, Brandon, mmodzi wa akupha aja, awaletsa kuti mabukuwo adzaike mawa.

Apa filimu yachita zimene siteji singathe. M'holo, wina akanatsatira zokambirana za alendo n'kuphonya mayiwo. Kamera yatimanga maso, ndipo khutu likumva za munthu wosowa pomwe diso likuyang'ana pamene wagona. Magulu athu a zisudzo amene amangoimika kamera kumbuyo kwa holo n'kunena kuti ajambula filimu amataya zonse ziwiri, kutentha kwa m'holo ndi kusankha kwa kamera. Tinthu ting'onoting'ono natonso timafuna kuyandikira. Rupert, mphunzitsi wakale wa anyamatawa, amene anaseweredwa ndi James Stewart, akupatsidwa chipewa cholakwika potsazika, ndipo mkati mwake muli zilembo D.K., za dzina la David Kentley. Wokhala mzere wakumbuyo m'holo sakanaziwerenga.

Sikuti zonse zinayenda. Sewero la Hamilton limayamba mumdima, kupha kutachitika kale, pomwe filimu imationetsa chingwe chili pakhosi. Arthur Laurents, amene analemba mawu a filimuyi, anadandaula kuti zimenezi zinachotsa chikayiko chakuti mwina m'bokosimo mulibe munthu. Ine ndili kumbali ya Hitchcock, chifukwa mbale za Mayi Wilson zimaopsa pokhapokha ukudziwa motsimikiza chimene chili pansi pake. Cholakwika chenicheni ndi majekete aja. Ukangozindikira chinyengocho, umayamba kudikira msana wotsatira m'malo moopa bokosi, ndipo ndicho chizindikiro chakuti luso layamba kupikisana ndi nkhani.

Hitchcock mwiniwake pambuyo pake ankanena kuti kujambula mosadukizako kunali kungoyesa chabe. Mu 1954 atatenga sewero lina, Dial M for Murder la Frederick Knott, anabwerera ku kudula kwa masiku onse, koma nkhani anaisungabe pafupifupi yonse m'nyumba imodzi ya ku London.