Ulendo wa thumba limodzi la magazi

Omvera athu a ku Matero, Kanyama, Chawama ndi kwina konse, mwina munaliwonapo tenti la a Zambia National Blood Transfusion Service litakhomedwa pasukulu kapena pabwalo la tchalitchi. Anthu ambiri akapereka magazi amangomwa chakumwa chawo n'kubwerera kunyumba, ndipo ena amanong'onezana kuti, "Kodi magazi aja amapita nawo kuti?" Lero tilitsatira thumba limodzi kufikira litalowa m'mkono wa wodwala.

Singano isanatuluke m'pepala lake, pamakhala mafunso. Namwino amafunsa zaka, chifukwa kuno ku Zambia opereka magazi amayambira zaka 16 mpaka 65. Amakukwezani pasikelo, poti munthu wosafika makilogalamu 50 kumuchotsa thumba lodzaza ndi kumuika pangozi yokomoka. Amayeza kuthamanga kwa magazi, kenako amabaya chala. Dontholo amaliyeza pa kamakina, kapena amaliponya m'madzi obiriwira ngati thambo: likamira, hemogulobini wakwana, ndipo likayandama mumauzidwa kuti, "Lero ayi, amayi, mukadye bwino mudzabwerenso." Muyeso wofunika ndi magalamu 12.5 kapena kupitirira pa desilita iliyonse.

Mafunso ovuta ndi aja achinsinsi, okhudza ogonana nawo, kutemedwa mphini ndi lumo, malungo aposachedwa ndi mankhwala amene mukumwa. Ena amadandaula kuti, "Nanga si mukawayeza magaziwo, mafunso ngachiyaninso?" Chifukwa chilipo. Munthu akangotenga HIV kapena matenda a chiwindi, pamapita masiku, nthawi zina masabata, makina asanayambe kuona kachilomboko, pomwe magaziwo angathe kale kupatsira wina. Mpata umenewo umatsekedwa ndi yankho loona la woperekayo. N'chifukwa chake kupita kukapereka magazi pofuna kungodziwa mmene m'thupi mulili si chinthu chabwino. Kuyezetsa kuli ndi malo ake pachipatala cha George kapena Mtendere.

Kuchotsa magaziko sikuchedwa. Amapukuta bwinobwino pachigongono chamkati, amalowetsa singano yatsopano, ndipo pamphindi 10 kapena kuchepera thumba limadzaza mamililita 450, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a magazi a munthu wamkulu. M'thumbamo mumakhala kale mankhwala oletsa magazi kuundana ndiponso shuga wodyetsa maselo, n'chifukwa chake thumba amaligwedeza pang'onopang'ono. Magazi akamatuluka mozengereza kupitirira mphindi 15, amakhala atayamba kuundana, ndipo sakhalanso abwino kuchotsamo zigawo zina. Madzi amene thupi lataya amabwerera pa tsiku limodzi kapena awiri, koma maselo ofiira amatenga masabata. Choncho abambo amadikira miyezi 3, amayi miyezi 4, asanaperekenso.

Thumba limapatsidwa nambala, ndipo nambala yomweyo imamatidwa pa timabotolo toyezera. Kuyambira apa dzina lanu silikuyendanso ndi magazi. Zonse zimapita m'bokosi losunga kutentha koyenera ku likulu la bungweli, pa UTH. Kumeneko amayeza HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndi chindoko. Amaonanso gulu la magazi, kaya A, B, AB kapena O, magulu amene Karl Landsteiner anayamba kuwazindikira mu 1901. Zotsatira zisanatuluke, thumba limakhala padera, losaloledwa kutuluka.

Tsopano tafika pamene anthu ambiri sadziwa. Thumba lija silikhala lokha: limabwera lolumikizidwa ndi timapaipi ku matumba ena opanda kanthu. Amaliika m'makina ozunguza mwaliwiro, ndipo magazi amalekana monga mmene thobwa limachitira likakhalitsa m'chigubu. Maselo ofiira, poti ndi olemera, amakhala pansi. Pamwamba pamakhala madzi achikasu otchedwa pulazima, amene amapitirira pang'ono theka la magazi onse. Wogwira ntchito amafinya madziwo kuti adutse m'kapaipi kulowa m'thumba lachiwiri, ndipo akawazunguzanso, mapulateleti, tizidutswa timene timatseka bala, timakhala pansi n'kupatulidwa. Zonsezi zimachitika thumba lisanatsegulidwe, kuti mpweya ndi tizilombo zisalowe. Thumba likangobooledwa, moyo wake umatsika kufika maola 24.

Amavutikiranji chonchi? Choyamba, zigawo zitatuzi sizigwirizana pa kasungidwe. Maselo ofiira amafuna furiji ya madigiri 2 mpaka 6, ndipo amakhala masiku 35 kapena 42 malinga ndi mankhwala a m'thumba. Akaundana ndi chisanu amasweka. Pulazima ndiye amafuna chisanucho: amayenera kuumitsidwa pasanathe maola 8, n'kusungidwa pa madigiri 25 kapena 30 kunsi kwa ziro, apo amatha chaka. Mukamusiya m'furiji wamba, zina mwa mphamvu zake zoundanitsa magazi zimazilala m'masiku ochepa. Mapulateleti ndiwo ovutitsitsa. Furiji imawawononga, ndiye amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, pa makina owagwedeza usana ndi usiku, ndipo pakatha masiku 5 amatayidwa chifukwa pa kutentha kotere tizilombo timaswana msanga. Mukasunga zonse m'thumba limodzi, mwasankha kupulumutsa maselo ofiira n'kutaya zinazo.

Chachiwiri chili kwa wodwala. Tiyerekeze mwana wa zaka ziwiri wa ku Kanyama, wolemera makilogalamu 10, amene malungo amuthera magazi. Zikhatho zayera, akupuma mofulumira, hemogulobini watsika kufika pa 4. Mwanayu sanataye madzi a m'magazi. Chimene chasweka ndi maselo ofiira, ndipo mtima wake watopa kale ndi kupopa. Dokotala akawerengera, maselo ofiira okha amafunika mamililita 10 pa kilogalamu, kutanthauza 100. Akanakhala magazi osapatula, akanafunika 200 kuti agwire ntchito yomweyo. Kwa munthu wamkulu kusiyanaku n'kochepa, koma pa kamtima kotopa mamililita 100 owonjezerawo angathe kudzaza mapapo ndi madzi. Namwino amazindikira mwana akayamba kubanika kwambiri ndiponso mitsempha ya m'khosi ikatupa, ndipo amaimitsa kapena kuchepetsa madontho. N'chifukwa chake ngakhale 100 yemweyo amamulowetsa pang'onopang'ono, kwa maola 3 kapena 4.

Pulazima wa thumba lomwe lija angapite kwa mayi wa ku Chawama amene wataya magazi ambiri pobereka mpaka otsalawo asiya kuundana. Mapulateleti angapite kwa wodwala khansa, ngakhale munthu wamkulu amafuna a opereka anayi kapena asanu nthawi imodzi. Sikuti magazi osapatula alibe ntchito ayi. Kwa munthu wangozi amene akukha magazi, amathandiza ndithu.

Asanamuike magazi mwana uja, amasakaniza pang'ono magazi ake ndi a m'thumba kuti aone ngati sakulimbana. Namwino amayang'ananso thumbalo: likachita mtundu wakuda kapena wofiirira, likakhala ndi timibulu, kapena likamadontha, siliperekedwa. Likatuluka m'furiji liyenera kuyamba kulowa m'thupi pasanathe mphindi 30.

Masiku owerengeka aja ndi amenenso amafotokoza chifukwa chake magazi amasowa pa nyengo zodziwika. Ambiri opereka magazi m'dziko muno ndi ana asukulu za sekondale ndi m'makoleji. Sukulu zikatsekera mu Disembala, mapulateleti amatha sabata yomweyo. Maselo ofiira amene anaperekedwa kumayambiriro kwa mweziwo amafika tsiku lawo lomaliza mkati mwa Januwale, mvula ili pakati, pamene malungo akuchuluka m'dziko.