Botolo la Mankhwala m'Nyumba za ku Nkhata Bay

Aliyense amene anagonapo ku Nkhata Bay m'miyezi ya dzinja, pamene mvula imagwa kosalekeza pa mapiri otsetserekera kunyanja ndipo mchere umasungunuka wokha m'mbale, adziwa kuti mpweya wa kumeneko ndi wolemedwa ndi chinyezi. Ndipo chinyezicho, pamodzi ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, chimadya mphamvu ya mankhwala mwini wake asakuona.

Titenge botolo la TLD, lomwe ambiri a iwo akumwa ma ARV amalandira kuchipatala, lina lokhala ndi mapiritsi 90, ndiye kuti lidzatsegulidwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu. Opanga amalamula kuti lisungidwe pamalo osapyola madigiri 30, lotsekedwa zolimba, ndipo m'katimo amaikamo kathumba kapena kachitini kamene ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi. Ena amakataya poyesa chinyalala, ena amakhuthulira mapiritsiwo m'pepala kuti asamveke kusokosera poyenda, osadziwa kuti potero achotsa mlonda pakhomo.

Tsono botolo lotere likakhala m'bafa, monga zimachitikira m'nyumba za m'tauni zokhala ndi kashelefu pansi pa galasi, nthunzi ya madzi osamba imalowamo nthawi iliyonse chivundikiro chikatsegulidwa. Kathumba kaja kamakhuta msanga, ndipo kakakhuta sikatetezanso kanthu. Kutentha kumene kumakwera ndi kutsika m'chipindamo kumafulumizitsa chivundi, kotero kuti tsiku lotha ntchito lolembedwa pabotolo silingadaliridwenso, pakuti linawerengedwa poganizira malo ouma ndi ozizira bwino. Pawindo, pafupi ndi mbaula, kapena pamwamba pa khoma pansi penipeni pa malata, napo mpoipa chimodzimodzi.

Zizindikiro zina zimaoneka: mapiritsi kufewa, kumatirirana, kusintha mtundu kapena kunyenyeka. Asipirini akalowa chinyezi amanunkha ngati viniga. Koma mankhwala ambiri amafooka osasintha nkhope, ndiye chifukwa chake wokayika abwerere nawo kwa wopereka mankhwala, asangoleka kumwa payekha.

Za ana nzowawitsa mtima koposa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, anatero akale. Ndipo munthu wobisa botolo lake kunsi kwa matiresi kapena m'chikwama cha m'manja poopa maso a alendo, waliika pamene dzanja la mwana wokwawa limafika. Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo amaoneka ngati maswiti, chikhalirecho ochuluka angathe kupha mwana wamng'ono. Panado naye akachuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, mwana nkumasewera bwinobwino tsiku loyamba. Mwana wotere athamangire naye kuchipatala pomwepo, pamodzi ndi botololo, osamusanzitsa.

Malo oyenera ndi bokosi kapena sutikesi yokhoma ndi loko, yoikidwa pamwamba m'chipinda chogona, kutali ndi dzuwa ndi khoma lonyowa, mankhwala alionse ali m'chotengera chimene anabwereramo.