Kusankha rezisita yoteteza LED

LED ikalumikizidwa ku batire popanda rezisita imakoka magetsi ochuluka n'kupsa. Tiyerekeze kuti batire ndi la mavoti 9, ndipo LED ndi yofiira, yomwe imadya mavoti pafupifupi 2. Mavoti 7 otsalawo ndiwo ayenera kuthera pa rezisita. Mukafuna kuti mudutse mamiliampu 20, omwe ndi maampu 0.02, gawani 7 ndi 0.02. Yankho ndi maomu 350.

Rezisita yotere sipezekapezeka m'sitolo, choncho tengani yokulirapo, ya maomu 390. Ine sindilola yocheperapo, chifukwa kuwala kowonjezerekako n'kochepa koma LED imatha msanga. LED yoyera kapena yabuluu imadya mavoti pafupifupi 3, ndiye werengeraninso.